Kufinya chithunzi osataya ngakhale kadontho kamodzi

Chithunzi chilichonse cha pa foni kapena pa kompyuta ndi timadontho tandanda m'mizere, ndipo kadontho kalikonse kamatchedwa pikiselo. Makina sasunga mtundu monga momwe diso limauonera. Amasunga nambala, ndipo nambalayo amailemba ndi mabiti, kutanthauza 0 kapena 1. Pa chithunzi chopanda mitundu yowala, pikiselo imodzi nthawi zambiri imapatsidwa mabiti 8, omwe amakwanira kulemba nambala kuyambira 0, yemwe ndi mdima weniweni, kukafika 255, yemwe ndi kuyera mbee. Funso lomwe akatswiri akhala akulimbana nalo ndi ili: kodi nambala zonsezi tingazilembe mwachidule motani, koma wolandirayo n'kuzibwezeretsa ndendende mmene zinalili? Pa chithunzi cha ukwati, kutayako pang'ono sikudandaulitsa. Pa chithunzi cha mapapo chimene dokotala akufufuzapo kachilema kakang'ono, kapena pa chikalata chosainidwa, sitifuna kuti nambala ngakhale imodzi isinthe.

Tiyeni titenge chithunzi chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Chikhale chojambula cha mapikiselo 100 m'litali ndi 100 m'lifupi, onse pamodzi 10,000. Pa mabiti 8 pa pikiselo, chimadya mabiti 80,000. Titawerenga bwino, tapeza kuti m'chithunzimo muli mitundu isanu yokha: mapikiselo oyera ndi 6,000, otuwa pang'ono 2,000, otuwa kwenikweni 1,000, oderako 500 ndipo akuda bii 500. Apa kuwononga malo kukuonekera poyera. Mtundu woyera ukubwera kasanu ndi kamodzi pa mapikiselo khumi alionse, koma nthawi zonse tikuulipirira mabiti 8, chimodzimodzi ndi wakuda umene ukuoneka mwa apo ndi apo.

Maganizo opatsa chinthu chobwerabwera chizindikiro chachifupi ndi akale ndithu. Chimene chinkasowa ndi njira yotsimikizika yopezera zizindikiro zabwino koposa. Anaipeza ndi David Huffman mu 1951, ali wophunzira pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America. Mphunzitsi wake, Robert Fano, anapatsa ophunzira mwayi wosankha pakati pa kulemba mayeso ndi kulemba pepala pa vuto limeneli, ndipo Huffman anasankha pepala. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1952. Fano ankayambira kumwamba, kugawa zizindikiro m'magulu awiri mobwerezabwereza. Huffman anatembenuza zinthu n'kuyambira pansi, pa zosowa kwambiri.

Pa chithunzi chathu zimayenda chonchi. Timatenga magulu awiri aang'ono kwambiri, oderako 500 ndi akuda 500, n'kuwamanga mtolo umodzi wa 1,000. Tsopano aang'ono kwambiri ndi mtolo umenewu ndi otuwa kwenikweni 1,000, choncho timawaphatikiza kukhala 2,000. Mtolo watsopanowu ukaphatikana ndi otuwa pang'ono 2,000 upanga 4,000, ndipo pomaliza 4,000 akumana ndi oyera 6,000. Pa kuphatikiza kulikonse, mbali ina timaipatsa 0, inayo 1. Mtundu umene unamangidwa mtolo kangapo umatolera mabiti ambiri, pomwe woyera, umene unalowa komaliza, umatenga biti imodzi yokha. Makhodi ake ndi awa:

```
255   6000   0
200   2000   10
128   1000   110
64     500   1110
0      500   1111
```

Taonani bwino makhodiwa. Palibe khodi imene ili chiyambi cha inzake, ndipo apa ndi pamene pagona luso lonse. Chifukwa cha ichi sitifunika kuika mpata kapena chizindikiro pakati pa mapikiselo. Makina akalandira 001011110110 amawerenga kuchokera kumanzere: 0 ndi woyera, 0 winanso ndi woyera, 1 payekha si khodi koma 10 ndi wotuwa pang'ono, 1111 ndi wakuda, 0 ndi woyera, 110 ndi wotuwa kwenikweni. Mapikiselo asanu ndi imodzi atuluka m'mabiti 12, pamene poyamba akanadya 48, ndipo palibe njira ina yowerengera mabiti amenewa.

Kuti tidziwe phindu pa chithunzi chonse, timawerengera avereji ya mabiti pa pikiselo. Gawo la mtundu uliwonse timalichulukitsa ndi kutalika kwa khodi yake, kenako n'kuphatikiza zonse:

```
0.6×1 + 0.2×2 + 0.1×3 + 0.05×4 + 0.05×4 = 1.7
8 ÷ 1.7 = 4.71
```

Choncho pikiselo iliyonse tsopano ikudya mabiti 1.7 pa avereji, ndipo chithunzi chonse chatsika kuchoka pa mabiti 80,000 kufika pa 17,000. Nambala yachiwiriyo ndi mlingo wa kafinyidwe, womwe umapezeka pogawa kukula koyamba ndi kukula kwatsopano, ndipo timati chithunzi chafinyidwa 4.71 kwa 1.

Nambala imeneyi muziifunsa mafunso musanaikhulupirire. Mitundu isanu sinkafunika mabiti 8 n'komwe, popeza mabiti 3 amakwanira kusiyanitsa mitundu isanu ndi itatu. Tikayerekeza ndi mabiti 3, mlingo ukhala 3 kugawa ndi 1.7, yomwe ndi 1.76 basi. Ntchito ndi yomweyo, koma wina anena 4.71, wina 1.76, ndipo onse sakunama. Komanso tebulo la makhodi liyenera kupita limodzi ndi chithunzi, apo ayi wolandira sadziwa kuti 110 akuimira chiyani. Pa mitundu isanu tebuloli ndi laling'ono, koma pa kachithunzi kakang'ono kokhala ndi mitundu yonse 256 lingathe kudya gawo lalikulu la zimene tapulumutsa.

Palinso malire amene khodi ya mtundu uwu singawadumphe. Claude Shannon anaonetsa mu 1948 kuti ngati tikulemba chizindikiro chilichonse pachokha, pali avereji yotsikitsitsa yotchedwa entiropi. Pa chithunzi chathu imakwana mabiti 1.67, choncho Huffman ndi 1.7 wake wafika pafupi kwambiri. Koma njira yake ili ndi chilema chimodzi chachikulu: singapatse pikiselo khodi yochepera biti imodzi. Ganizirani kalata yotayipidwa, yokhala ndi mitundu iwiri yokha, woyera ndi wakuda. Ngakhale pepala litayera pafupifupi lonse, Huffman apereka 0 kwa woyera ndi 1 kwa wakuda, ndipo palibe chimene chapulumuka.

Vuto ndi lakuti Huffman amangowerenga kuti mtundu wabwera kangati, sayang'ana kuti wakhala moyandikana ndi uti. Njira yachiwiri, yodziwika ndi zilembo zakuti RLE, imayang'ana zimenezo. Wogulitsa matumba a chimanga salemba thumba lililonse pamzere wakewake m'kope, amangolemba kuti chimanga, matumba 40. RLE nayo ikapeza mapikiselo ofanana otsatizana imalemba zinthu ziwiri zokha, mtundu ndi kuchuluka kwake. Mzere wa mapikiselo 100 wokhala ndi oyera 40, otuwa pang'ono 10, akuda 5 ndi oyera 45 umasanduka zigawo zinayi. Tikapatsa mtundu mabiti 8 ndi kuchuluka mabiti 8, chigawo chilichonse chidya 16, mzere wonse 64. Ngati chithunzi chathu chili ndi zigawo zinayi pa mzere uliwonse pa avereji, ndiye kuti zonse ndi 400, mabiti 6,400. Avereji yafika pa 0.64 pa pikiselo, mlingo wa kafinyidwe 12.5 kwa 1. Tatsika kupitirira entiropi ija, ndipo sitinaphwanye lamulo la Shannon, chifukwa tasiya kulemba pikiselo iliyonse payokha.

Tsopano tengani mapikiselo 10,000 omwewo muwasakanize mwachisawawa. Kuchuluka kwa mtundu uliwonse sikunasinthe, choncho Huffman akadali pa 1.7. Koma mwayi woti pikiselo ifanane ndi yoyandikana nayo watsika kufika pa 0.415, kotero zigawo zichuluka mpaka pafupifupi 5,850. Kuchulukitsa ndi 16 tipeza mabiti 93,600, kuposa 80,000 amene tinayamba nawo. Fayilo yafufuma m'malo mochepa, ndipo mlingo wagwa kufika pa 0.85. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: mu kalembedwe aka, avereji ya mabiti ndi 16 kugawa ndi avereji ya kutalika kwa chigawo, choncho ngati zigawo sizikupitirira mapikiselo awiri, RLE ikukulowetsani pansi. Zithunzi za kamera zimagwera m'gulu limeneli, chifukwa ngakhale thambo looneka losalala limakhala ndi nambala zosinthasintha pang'ono, 201 apa, 203 apo. RLE ndi ya zikalata, mapu ndi zojambula zokhala ndi malo aakulu a mtundu umodzi.

Ine ndimaona kuti malo amene njira ziwirizi zinagwirizana mokongola koposa ndi m'makina a fakisi. Muyezo wa mayiko onse wotchedwa T.4, umene unavomerezedwa mu 1980, umagawa mzere umodzi wa pepala la A4 m'mapikiselo 1,728. Makina amayamba ndi RLE, kuwerenga kutalika kwa zigawo zoyera ndi zakuda. Safunika kulemba mtundu, popeza zigawo zimasinthana ndipo mzere uliwonse umayamba ndi choyera. Kenako kutalika kumeneku kumalembedwa ndi makhodi a Huffman okonzedweratu, omwe makina onse amawadziwa, moti tebulo silitumizidwa. Chigawo chakuda cha mapikiselo 2 kapena 3, chomwe chimachuluka m'zilembo, chinapatsidwa mabiti awiri okha. Mzere woyera wonse umadya mabiti 17, kuwonjezerapo 12 a chizindikiro chotsekera mzere, onse 29 m'malo mwa 1,728, pafupifupi 60 kwa 1. N'chifukwa chake pepala la mawu ochepa linkadutsa msanga, pamene lokhala ndi chithunzi linkachedwa.

Chizindikiro chotsekera mzere chija chili ndi ntchito inanso. Popeza makhodi ndi otalika mosiyana, biti imodzi ikasokonekera pa lamya, makina amadula makhodi otsatira pamalo olakwika ndipo mzere umatuluka wokhwekhwereka. Akafika pa chizindikirocho amayambiranso bwino, choncho cholakwa chimathera pa mzere umodzi.

Fakisi ikutha, koma makhodi a Huffman ali m'foni mwanu lero. Fayilo ya PNG, yomwe sitaya kanthu, imayamba yalosera pikiselo kuchokera kwa zoyandikana nazo, n'kufufuza zobwerezabwereza, kenako n'kumalizira ndi Huffman. JPEG nayo imagwiritsa ntchito RLE ndi Huffman kumapeto, koma isanafike pamenepo imakhala itataya kale zina, ndiye musaiwerengere m'gulu la zosataya. Ngati mukusunga chikalata chosikanidwa kapena chojambula cha mizere yakuthwa ndipo mukufuna pikiselo iliyonse ibwerere mmene inalili, sankhani PNG, ndipo wina akakuuzani mlingo wa kafinyidwe, mufunseni kuti wayezera pa chithunzi chotani ndiponso wayerekeza ndi mabiti angati.