Masilaidi asanu ndi limodzi ndi timizere ta pepala: phunziro la mafulakishoni mu Fomu 1

Mukalemba 1/2 + 1/3 pa bolodi m'kalasi ya Fomu 1, musadabwe kuona ana angapo akulemba 2/5 mosakayika konse. Aphatikiza manambala apamwamba paokha, apansinso paokha. Anawa analipo pamene samuzi zinkaphunzitsidwa ku pulayimale, ndipo lamulo lake ena amatha kulinena pamtima. Chimene chimasowa n'choti sanaonepo ndi maso awo kuti theka ndi lalikulu bwanji poyerekeza ndi 2/5. Mphunzitsi amene akukonza masilaidi, timasamba tija timaonetsedwa pakhoma ndi pulojekita, ayambire pa vuto limeneli. Akangokopera za m'buku pa masilaidi makumi awiri, ana adzakopera bwinobwino m'makope, mawa lake n'kulembanso 2/5.

Piriyodi ya mphindi 40 imakwanira masilaidi asanu ndi limodzi basi, chifukwa nthawi yambiri iyenera kuthera pa zimene ana akuchita pakati pa silaidi ina ndi inzake. Tione mmene phunziro lotere lingayendere, pa mutu umodzi wokha: kuphatikiza mafulakishoni amene manambala awo apansi ndi osiyana.

Silaidi yoyamba ilibe tanthauzo la fulakishoni kapena mndandanda wa zolinga za phunziro. Ili ndi funso, 1/2 + 1/3, ndi mayankho atatu oti mwana asankhepo: 2/5, 5/6 ndi 2/6. Aliyense alembe yankho lake m'kope asanayang'ane kwa mnzake, kenako akweze manja. Kulemba kaye n'kofunika, chifukwa mukangoti akweze manja, ambiri amadikira aone kumene wanzeru wa m'kalasimo wapita. Mphunzitsi awerenge manjawo, alembe chiwerengero pakona ya bolodi, koma asaulule yankho lolondola. Zimenezi zisapitirire mphindi zinayi.

Silaidi yachiwiri ili ndi chithunzi cha timizere titatu ta pepala, totalika mofanana, ndi malangizo atatu achidule: kamodzi kapindidwe pawiri, kena patatu, kotsalako pa magawo asanu ndi limodzi. Apa ndi pamene pagona phunziro lonse, ndipo pakhale mphindi khumi ndi ziwiri. Timizereti mphunzitsi adule dzulo lake. Pepala la A4 ndi la masentimita 21 mulifupi, ndiye mukalidula chopingasa, kamzere kalikonse kamatalika masentimita 21. Mukamadula masentimita atatuatatu, pepala limodzi limapereka timizere 9. Kalasi ya ana 60 okhala awiriawiri ikufuna timizere 90, kutanthauza mapepala khumi, ndipo ngakhale olembedwa kale mbali imodzi amagwira ntchito.

Kupinda pawiri sikuvutitsa munthu. Kupinda patatu ndiye kumachedwetsa, chifukwa ana ambiri amapinda pawiri kawiri n'kupeza magawo anayi. Ubwino wa masentimita 21 ndi woti amagawika bwino ndi 3: amene wavutika atenge rula, aike kadontho pa 7 ndi pa 14, apinde pomwepo. Kamzere kachitatu kapindidwe patatu momwemo, kenako pawiri osakafunyulula, ndipo katuluka magawo asanu ndi limodzi a masentimita 3.5 lililonse. Tsopano anawo ang'ambe theka pa kamzere koyamba, ang'ambenso gawo limodzi pa kachiwiri, alumikize zidutswa ziwirizo mondondozana pamwamba pa kamzere kachitatu kuyambira kumapeto. Zidutswazo zimaphimba magawo asanu, n'kutsala limodzi. Theka laphimba atatu, chidutswa chinacho chaphimba awiri. Yankho la 5/6 latuluka m'manja mwawo mphunzitsi asanatchule lamulo lililonse.

Nthawi yonseyi mphunzitsi asaime pa laputopu. Ayende pakati pa madesiki, ndipo chimene akuyang'ana kwambiri ndi kutalika kwa timizere. Awiri ena akang'amba kamzere kawo molakwika n'kutenga kachidutswa ka m'kope kofupikirapo, zidutswa zawo sizigwera pa mizere yopindayo. Asawadzudzule, koma awafunse chifukwa chake zakana. Theka la chinthu chachifupi si lofanana ndi theka la chinthu chachitali, ndipo mafulakishoni amaphatikizika pokhapokha akuchokera pa chinthu chimodzimodzi. Ana akamapinda, ndi bwino kuzimitsa chithunzi pakhoma kuti maso akhale pa pepala. Mu PowerPoint, kudina batani la B masilaidi akuonetsedwa kumadetsa sikirini, ndipo mukalidinanso chithunzi chimabwerera.

Silaidi yachitatu ikubweza funso loyamba lija, koma yawonjezera lina: pakati pa 2/5 ndi 1/2, chachikulu n'chiti? Mphindi zisanu izi ndi za kukambirana, ndipo ndalama zimathandiza. Tengani K600. Theka lake ndi K300, gawo limodzi mwa atatu ndi K200, zonse pamodzi K500. Nanga 2/5 ya K600 ndi zingati? Mukagawa pasanu mupeza K120, kawiri ndi K240. Munthu anali ndi K300, amuwonjezera K200, ndiye akutsala ndi K240? Mwana aliyense amene anatumidwapo kumsika amakana zimenezo nthawi yomweyo.

Pamenepa mwana wochenjera angatsutse. Angati: "Sala, pa mayeso oyamba ndinakhoza funso limodzi mwa awiri, pa achiwiri limodzi mwa atatu. Si ndiye kuti ndakhoza awiri mwa asanu?" Mwanayu akunena zoona, ndipo mphunzitsi avomere poyera. Kusiyana kwake n'koti pa mayesowo chinthu chonsecho chakula, mafunso anali awiri, kenako atatu, pamodzi akhala asanu. Pa kamzere ka pepala ndi pa K600 ija, chinthu chonsecho sichinasinthe. Mphunzitsi amene sanaganizirepo funsoli amangoti "sititero", ndipo mwanayo amapita kunyumba akukhulupirirabe njira yake.

Lamulo lolembedwa limabwera pa silaidi yachinayi, phunziro litadutsa kale theka. Pali mizere itatu yokha, yotuluka umodziumodzi: 1/2 = 3/6, kenako 1/3 = 2/6, pomaliza 3/6 + 2/6 = 5/6. Mzere uliwonse usanatuluke, mphunzitsi afunse ana kuti ukhala wotani, iwo aloze pa kamzere kawo. Nambala yapansi imanena kukula kwa magawo, yapamwamba imawerenga kuti magawowo alipo angati. N'chifukwa chake 6 sasintha pophatikiza: magawo achuluka, koma kukula kwake ndi komweko. Pa silaidi mafulakishoni alembedwe choimirira, nambala ina pamwamba pa inzake, monga mmene ana amalembera m'makope. Mu PowerPoint zimenezi zimapezeka pa Insert, kenako Equation. Mukangotaipa 1/2 pa mzere wamba, pulogalamuyo nthawi zina imaisandutsa kachilembo kakang'ono kamene a kumbuyo sangakaone, pamene 5/6 imatsala yaikulu, ndipo samuyo imaoneka yosokonezeka.

Mizereyo ikatha, ana awiriawiri apeze 1/4 + 1/6, ulendo uno popanda pepala lopinda. Silaidi yachinayi ndi ntchitoyi zitenge mphindi khumi ndi imodzi. Mayankho olondola amabwera awiri. Ena amachulukitsa 4 ndi 6, n'kupeza 6/24 + 4/24 = 10/24. Ena amaona kuti 12 imagawika ndi 4 komanso ndi 6, n'kupeza 3/12 + 2/12 = 5/12. Mphunzitsi aitane mmodzi wa gulu lililonse alembe pa bolodi, kalasi iweruze. Akazindikira kuti 10/24 ikachepetsedwa imakhala 5/12, mawu oti LCM amalowa pamalo pake: ndi nambala yaing'ono kwambiri imene manambala apansi onse amaigawa, ndipo ntchito yake ndi kufupikitsa njira basi. Amene wachulukitsa sanalakwe, wangozungulira.

Poyenda m'kalasi pa ntchito yomweyi, mphunzitsi aona kulakwitsa kwatsopano. Ana amene asiya kuphatikiza manambala apansi tsopano amasintha yapansi n'kuiwala yapamwamba, n'kulemba 1/12 + 1/12 = 2/12. Silaidi yachisanu yakonzedwera iwowa. Ili ndi samu yowerengedwa kale molakwika, 2/3 + 1/4 = 2/12 + 1/12 = 3/12, ndipo ana apeze pamene yapotokera. Pa silaidiyo pasatchulidwe dzina la mwana wa m'kalasimo. Njira yoyesera ndi yomwe ija ya ndalama: 3/12 ndi kota, pamene tinayamba ndi 2/3 imene imaposa theka, choncho yankho lachepa kuposa poyambira. Lolondola ndi 8/12 + 3/12 = 11/12. Mphindi zinayi zakwana.

Silaidi yomaliza ili ndi funso limodzi, 2/5 + 1/2, loti aliyense ayankhe payekha kumbuyo kwa kachidutswa ka pepala kaja ndi kupereka potuluka. Funsoli lasankhidwa dala kuti yankho lililonse linene zinazake. Amene walemba 9/10 wamva. Amene walemba 3/7 akuphatikizabe pamwamba ndi pansi, ndipo akufunika kubwerera ku timizere. Amene walemba 3/10 wapeza nambala yapansi koma sanasinthe zapamwamba. Kusanja timapepalati milu itatu sikutenga nthawi, ndipo mulu umene wakula ndiwo unena kuti phunziro lotsatira liyambire pati.

Njirayi ili ndi malire ake. Pepala limapindika bwino pawiri, patatu, panayi ndi pasanu ndi kamodzi, koma magawo asanu kapena asanu ndi awiri amatuluka okhota, ndipo ana amayamba kukangana za kapindidwe m'malo mwa samu. Ndiye timizereti ndi ta tsiku loyamba lokha. Nthawi nayonso ndi yothina: kulumikiza pulojekita belu litalira kale kumadya mphindi za kupinda zija, choncho zonse zikhale zokonzeka ana asanalowe. Ngati nthawi yathawa ndithu, silaidi yachisanu ndiyo ingadikire mawa, osati yachiwiri kapena yomaliza.

Sukulu zambiri, makamaka zoyendera za kumidzi, zilibe pulojekita, ndipo kumene ilipo magetsi amatha kuthima phunziro lili pakati. Dongosolo ili silidalira makina. Silaidi iliyonse ili ndi funso limodzi kapena mizere itatu, zimene zimakwana pa pepala lalikulu lomata pakhoma kapena pa bolodi logawidwa ndi choko. Chofunika kusunga n'choti ana asaone silaidi yotsatira asanamalize ntchito ya imene ili pamaso pawo. Wogwiritsa mapepala awapachike motsatizana n'kumavundukula limodzilimodzi, ndipo wa choko asalembe mizere itatu ya silaidi yachinayi mpaka timizere titapindidwa ndi K600 ija itagawidwa.