Botolo ndi limodzi, zithunzi zake bwanji zikusiyana?

Mu 2022 kampani ya Heinz inalemba mawu akuti "ketchup" mu pulogalamu yopanga zithunzi ya DALL-E 2. Zambiri mwa zithunzi zomwe zinatuluka zinali za mabotolo ofanana ndi a Heinz, ndipo kampaniyo inazisandutsa malonda. Koma woyang'anitsitsa ankaona kuti botolo lililonse linali ndi khosi lakelake, ndipo zilembo za pa lebulo zinali zopotoka. Kufanana kokha kunali kokwanira pa malonda amenewo. Kwa wogulitsa amene akufuna kuonetsa katundu wake weniweni m'khitchini, m'basiketi ndi pa shelefu, sikokwanira: wogula akalandira chosiyana ndi chomwe anaona, amati wanamizidwa.

Gwero la vutoli ndi mmene mapulogalamuwa amagwirira ntchito. Stable Diffusion, yomwe inatuluka mu Ogasiti 2022, sisunga botolo lililonse. Imayamba ndi timadontho tosakanikirana, n'kumatikonza pang'onopang'ono mpaka chithunzi chogwirizana ndi mawu chioneke. Chithunzi chilichonse chimayambira pa timadontho tatsopano, choncho botolo limajambulidwanso kuchokera pachiyambi. Pali nambala yotchedwa `seed` imene imasankha timadontho toyambirato, ndipo ambiri amaganiza kuti kuisunga ndiye mankhwala. Imathandizadi mawu onse akakhala omwewo, koma munthu akangosintha "pa tebulo" kukhala "m'basiketi", botolo nalonso limasintha.

Zilembo ndiye zimavutika kwambiri. Pulogalamuyi imafinya chithunzi cha madontho 512 m'litali ndi m'lifupi kukhala 64 mbali iliyonse, n'kugwira ntchito pa chofinyidwacho. Tizilembo tating'ono, monga tonena kulemera kwa katundu, timaphwanyika pofinyapo, ndipo pofutukula makina amangolota kuti panali chiyani.

N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi salola makina kujambula katunduyo. Amangowapatsa malo omuzungulira.

Tiyerekeze wogulitsa uchi amene akufuna zithunzi zitatu za botolo la magalamu 500, la chivindikiro chachikasu. Amayamba ndi kamera, osati kompyuta. Amajambula botolo lenileni kutsogolo kwa pepala loyera, ndipo asanajambule amadziwiratu malo amene botololo likaikidwe. Chithunzi cha pa shelefu chimafuna kamera yolingana ndi lebulo. Cha pa tebulo la kadzutsa chimafuna kamera yokwera pang'ono, yoonetsa pamwamba pa chivindikiro. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Botolo lojambulidwa cham'mbali likaikidwa pa tebulo looneka kuchokera pamwamba, diso limakana msanga, ngakhale woonayo sangafotokoze chalakwika.

Kenako amadula botololo n'kuchotsa pepala lakumbuyo, n'kulitchinga kuti makina asalikhudze. Njira imeneyi pa mapulogalamu imalembedwa `inpainting`: makina amajambula malo okhawo amene aloledwa. M'mawu ake amatchula komwe kuwala kukuchokera. Ngati pojambula zenera linali kumanzere, khitchini yopangidwayo iyeneranso kuwala kuchokera kumanzere, mthunzi ugwere kumanja. Pansi pa botolo payenera kukhala kamthunzi kakuda kopyapyala pomwe galasi lakhudza thabwa. Kakasowa, botolo limaoneka ngati likuyandama.

Uchi uli ndi vuto lakelake: umaonekera mkati. Pamwamba pa uchi, pomwe galasi lilibe kanthu, pamaonekabe pepala loyera lija pomwe khoma lakumbuyo ndi lobiriwira. Kagawo kameneko n'koyenera kukatsegula kuti makina akakonze, koma lebulo ikhale yotchingidwa.

Chomaliza, chomwe ambiri amachilumpha, ndi kumatanso botolo lenileni pamwamba pa chithunzi chomalizidwa. M'mapulogalamu ena chithunzi chonse chimadutsa m'kufinya kuja, choncho ngakhale malo otchingidwa amasintha pang'ono. Poyesa, amaika chithunzi choyambirira pamwamba pa chatsopano mu GIMP kapena Photoshop n'kusankha `Difference`. Pomwe zithunzi zafanana ndendende pamada bii, pomwe zasiyana pamawala.

Nanga botolo likafunika litapendekeka m'dzanja la munthu akuthira uchi m'phala? Chodulidwa chija sichingatembenuke. Apa ena amaphunzitsa makina katunduyo. Njira ya DreamBooth, yomwe akatswiri a ku Google anatulutsa mu 2022, inaonetsa kuti zithunzi zitatu mpaka zisanu zingakwanire kuti makina adziwe chinthu chimodzi n'kuchijambula m'malo atsopano. Maonekedwe ndi mtundu zimagwirika bwino, koma zilembo zimaterereka, ndipo zithunzi zophunzitsira zikakhala zonse za pa tebulo limodzi, makina amatenga tebulolo ngati mbali ya botolo n'kumalibweretsa paliponse. Pa chithunzi chotere, njira yachidule ndi kupatsa munthu botolo lenilenilo, kumujambula akuthira, n'kusiyira makina khitchini yokha.