Masiku 8 a nkhoswe

Bwana wathu wina wochokera ku Mangalande, amene tinkagwira naye ntchito m'bungwe lina pa boma pa Ntcheu, atawerenga kalata yanga yopempha tchuthi anandifunsa mwaulemu ndithu: "Koma amene akukwatiwayo si mwana wanu eti? Masiku onsewa n'ngachiyani?" Wokwatiwayo anali mwana wa mlongo wanga, ndipo ukwati unali ku Joni. Funso limeneli linandiwawa sabata yonse.

Kwawoko, malume ndi mlendo woitanidwa ndi khadi. Amafika Loweruka, kudya keke, Lolemba ali pa ntchito. Lamulo lawo limapatsa wantchito masiku 28 pa chaka, ndipo wofuna tchuthi amadziwitsa abwana nthawi yotalika kawiri kuposa masiku amene akupempha. N'zadongosolo ndithu, koma dongosolo lake ndi la anthu amene banja lawo limathera pa khomo la nyumba.

Kwathu kuno malume ndi mwini mbumba. Mnyamata akafuna mbeta amayamba waonekera kwa ine, osati kwa bambo wake wa mtsikanayo. Pa chinkhoswe ndine ndimalandira tambala n'kupereka msoti. Banjalo likadzayamba kugwedezeka pakati pa usiku, foni imene idzalire ndi yanga. Ndiye ukwati umangidwe nkhoswe ili pa desiki ku Ntcheu? Akuchimuna angatiyese anthu otani? Ndipo mawu akuti "kunja" ife satiopsa. Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire: ukawoloka kukagula mbatatesi wafika kale ku Mozambiki, ndipo theka la abale athu Angoni lili ku Angonia komweko. Kungoti ulendo uno kunja kwake kunali kutali.

Komabe ndivomere kuti kalata yanga yoyamba inali yolakwika, ndipo kulakwa kwake n'kwathu Amalawi. Ndinadzaza tsamba lonse ndi malonje ndi madandaulo, ngati ndikupempha thandizo la maliro, osatchula tsiku lobwerera. Tchuthi cha pachaka si chifundo cha abwana. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limati wogwira ntchito masiku asanu pa sabata ali ndi masiku 15 olipidwa pa chaka, ndipo wogwira masiku asanu ndi limodzi ali ndi 18. Chimene chili m'manja mwa abwana ndi nthawi yoti tchuthicho chiyambe, atakambirana nawe. Choncho chokambirana ndi kalendala. Ubale wanga ndi mkwatibwi sunali mlandu woti bwana aweruze.

Ndinakhala pansi n'kuwerenga. Basi yodzera ku Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge imadya masiku awiri ngati zinthu zayenda bwino. Kunyamuka Lachiwiri, kufika Lachinayi, Lachisanu kukhala pansi ndi ankhoswe akuchimuna, Loweruka ukwati. Pamenepo masiku a ntchito ndi anayi. Kubwerera Lolemba, kufika Lachitatu, ndi ena atatu. Ndinawonjezapo Lachinayi chifukwa amene anaimapo pa mzere wa pa Beitbridge salonjeza ola lofikira. Onse pamodzi 8, otsala 7. Loweruka ndi Lamulungu sawerengedwa kwa ife a masiku asanu, ndipo apa ndi pamene ambiri amadzibera okha: amalemba kuti "masabata awiri", kalaliki n'kuwadula masiku 10.

Kalata yachiwiri inali yaifupi: "Bwana, ndikupempha masiku 8 a tchuthi changa cha pachaka cholipidwa, kuyambira Lachiwiri mpaka Lachinayi la sabata yotsatira. Ndidzakhala pa ntchito Lachisanu. Ndikupita ku South Africa ku ukwati kumene ndine nkhoswe. Malipoti a mwezi uno ndiwamaliza ndisananyamuke, ndipo makiyi a sitolo ndisiyira mnzanga amene tagwirizana kale." Mawu akuti "cholipidwa" ndi "cha pachaka" musawasiye. Ndikudziwa wina amene anangolemba kuti akupempha "chilolezo", pakutha pa mwezi n'kupeza malipiro ali odulidwa.

A ku Joni nawo sindiwasirira. Lamulo lawo la m'chaka cha 1997 lili ndi masiku atatu apadera a zochitika za m'banja, monga mwana akadwala kapena wachibale wapafupi akamwalira, koma ukwati mulibemo, ndipo pa mndandanda wa achibalewo malume sapezekapo. Mlongo wanga, amene amagwira ntchito ya m'nyumba kumeneko, anachita kusinthana masiku ndi mnzake kuti apeze Lachisanu lophikira.

Bwana uja anasaina tsiku lomwelo. Anangofunsa tanthauzo la mawu akuti nkhoswe, ndipo nditamufotokozera anati kwawo munthu wotere amalipidwa pa ola. Ine ndinabwerako ndi tambala wa mufiriji, wogula ku shopu, poti wamoyo sakanaloledwa kukwera basi.