Kuwerenga Chithunzi cha Cheke

Cheke chikalowa kubanki chimajambulidwa kumaso ndi kumbuyo, ndipo kalaliki amawerenga chithunzicho pakompyuta. Manambala a pamzere wam'munsi, omwe ndi nambala ya cheke, ya nthambi ndi ya akaunti, makina amadziwerengera okha. Kalaliki amalemba pomwe makinawo aphonya.

Ntchito yaikulu ili pa ndalama, poti zimalembedwa kawiri, m'mawu ndi m'manambala. Taganizirani cheke chomwe m'kabokosi mwalembedwa K150,000 koma mawu akunena 15,000 kwacha. Mwina mwini cheke dzanja linaterereka, mwinanso wina anawonjezera ziro ndi cholembera. Kalaliki amakuza chithunzi n'kuyang'ana ziro wotsirizayo: ngati ndi wopanikizika kapena inki yake ikusiyana, pali chokayikitsa. Lamulo la m'mayiko ambiri limati mawu ndiwo amatsatidwa, komabe mabanki ambiri amangobweza cheke chotere, ndipo amachita bwino. Kalaliki sayenera kusankha yekha.

Dzina la wolandira limalembedwa monga momwe lilili, ngakhale likuoneka lolakwika. Cheke cha tsiku lam'tsogolo chimadikira tsikulo, pomwe chomwe chapitirira miyezi 6 mabanki ambiri amachikana.