Kudula mwambi kuti ukwane pa wailesi

Uthenga wapakati pa mapulogalamu, kaya pa MBC, Zodiak kapena wailesi ya m'dera, kawirikawiri umapatsidwa masekondi 30 basi. Womvera naye sakhala phee. Wina akupalasa moto, wina ali m'minibasi, ndipo mawu akamudutsa sangawabweze ngati mmene amachitira wowerenga nyuzi. N'chifukwa chake mwambi wautali umayamba wasemedwa usanafike pa maikolofoni.

Titenge uwu: "Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ukachenjera manja udya naye." Tiyerekeze kuti uthenga wake ndi wopempha anthu kuti asamangoyang'ana mwana wa eni akamajomba kusukulu. Mbali yachiwiri ija, ya kuchenjera manja, ikunena za phindu limene udzapeze mwanayo akadzakula. Ndi nzeru ndithu, koma si imene uthengawu ukufuna, choncho imachoka. Liwu loti "yemwe" nalonso likhoza kutsala. Chotsala ndi ichi: "Mwana wa mnzako ndi wako." Mawu khumi asanduka asanu, ndipo mbali zonse ziwiri zikuthera pa "ko", zomwe khutu limagwira msanga.

Ntchito yaikulu ili pa kupuma. Woulutsa anene kuti "Mwana wa mnzako", aime pafupifupi sekondi imodzi, kenako amalize kuti "ndi wako". Pa kamphindi kameneko womvera amene amaudziwa mwambiwo amaumaliza yekha mumtima, ndipo chimene munthu wadzinenera sichichoka msanga m'mutu. Chichewa chimathandizanso pamenepa, pakuti tikamaima timakoka kaphatikizo kachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu: "mnzaako", "waako". Wothamanga amapha kakokedwe kameneka. Woima pakati pa "ndi" ndi "wako" amamveka ngati waiwala mawu. Kupumako kukafika masekondi atatu popanda kanyimbo kapansipansi, wina amayamba kugwedeza wailesi poganiza kuti mabatire atha.

Katchulidwe nako kali ndi misampha yake. Ka "m" koyambirira ka "mnzako" kamamezeka mosavuta, ndiye kapatsidwe mpata wake. Mawu a "p" ndi "ph", monga mu "Safunsa anadya phula", amaphulitsa mpweya pa maikolofoni. Woulutsa atalikire pang'ono, mwina chikhatho chimodzi, ndipo alankhulire cham'mbali.

Koma si mwambi uliwonse umalola mpeni. Ukangonena kuti "Chikomekome cha mkuyu" n'kusiya nyerere zam'kati, akuluakulu amva chenjezo, pamene mwana wokulira m'tauni akhoza kuganiza kuti ukuyamikira chipatso. Apa mbali yachiwiri ndiyo mwini nkhani, ndipo ine sindingaichotse ngakhale nthawi itachepa bwanji. Bola kudula mawu ena a uthengawo.

Musanaulutse, jambulani mawuwo pafoni, muwaseweretse pamalo aphokoso kwa munthu amene sanaone pepala lanu. Pakapita mphindi zingapo mufunseni zimene wamva. Akabweza mwambiwo koma osadziwa kuti ukukhudza sukulu, vuto lili pa mawu ouzungulira, osati pa mwambi.