Mabakiteriya amene amafa ndi mpweya umene ife timapuma

Kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu kamakonda kukhazikika kumtunda kwa mapapo, kumene mpweya wa okosijeni umakhala wochuluka. Ka kafumbata kamasankha malo ena kotheratu: pansi pa bala lakuya la msomali kapena chisonga, pamene minofu yafa ndipo magazi sakufikanso. Tonse tiwiri ndi ta m'gulu la mabakiteriya, koma mpweya umene koyambako sikangakule popanda iwo ndi womwewo umene umapha kachiwirika. N'chifukwa chake mu labotale yoyezera tizilombo mumafunika mtsuko wapadera wokhala ndi chivundikiro chothina, umene ntchito yake ndi kuchotsa okosijeni kuti mabakiteriya odana naye amere, aoneke ndi kudziwika.

Njira yapafupi yoonera kusiyanaku ndi kudzala mabakiteriya m'kachubu ka galasi kokhala ndi msuzi wothiridwa mankhwala otchedwa thayogilaikoleti. Mankhwalawa amamwa okosijeni, moti pamwamba pa msuziwo pamakhala okosijeni wambiri wochokera kunja, koma kupita pansi amanka nachepa mpaka kutheratu. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri, msuzi umachita mbuu pamalo pamene mabakiteriyawo achulukana, ndipo malowo ndi amene amaulula khalidwe lawo.

Amene sangakule popanda okosijeni amaunjikana pamwamba penipeni. M'gulu limeneli muli Pseudomonas aeruginosa, wokonda kulowa m'mabala a moto, komanso kachilombo ka chifuwa chachikulu, ngakhale kuti iko kamamera pang'onopang'ono kwambiri ndipo kamafuna chakudya chakechake. Odana ndi okosijeni amapezeka pansi pokha. Awa ndi monga Clostridium tetani wa kafumbata ndi Bacteroides fragilis wa m'matumbo.

Pakati pa magulu awiriwa pali ena atatu. Escherichia coli amamera m'chubu monse koma amachuluka pamwamba, chifukwa okosijeni akakhalapo amamugwiritsa ntchito n'kupeza mphamvu zambiri, akasowa amangosintha njira n'kumasasitsa shuga. Mabakiteriya osasitsa mkaka kukhala chambiko amamera mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, pakuti okosijeni sawathandiza komanso sawapha. Omaliza ndi ofuna okosijeni wochepa chabe, pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse, pamene mpweya wamba uli ndi magawo 21. Iwowa amapanga kamzere pansi pang'ono pa pamwamba pa msuzi. Helicobacter pylori, woyambitsa zilonda zambiri za m'mimba, ndi wa gulu limeneli.

Nanga okosijeni amapha bwanji? Akalowa m'selo iliyonse, mbali ina imasanduka zinthu zowononga, makamaka supaokusaidi ndi haidirojeni perokusaidi. Zinthuzi zimaphwanya maenzaimu okhala ndi ayironi ndipo zimaononganso chibadwa cha seloyo. Mabakiteriya okhala pampweya ali ndi maenzaimu odzitetezera. Ina imasandutsa supaokusaidi kukhala perokusaidi, ndipo ina, yotchedwa katalezi, imaphwanya perokusaidiyo kukhala madzi ndi okosijeni. Thovu limene limatuluka perokusaidi akathiridwa pabala ndi ntchito ya katalezi wa m'magazi ndi m'minofu yathu. Mabakiteriya odana ndi okosijeni ali ndi maenzaimu otere ochepa kapena alibiretu. Kupirira kwawo kumasiyana: ena amafa m'mphindi zochepa, pamene Bacteroides fragilis amatha kupulumuka maola ambiri pampweya, kungoti sangachulukane. Wa kafumbata amazemba mwa kusanduka timbewu tolimba timene timakhala zaka m'dothi ndi m'ndowe kudikira bala loyenera.

Louis Pasteur wa ku France ndiye anaonetsa mu 1861 kuti kuli tizilombo tokhala popanda mpweya, ndipo Shibasaburo Kitasato anameretsa kachilombo ka kafumbata pakokha mu 1889 ku Berlin. Koma mtsuko wogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku unabadwa ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene asilikali ambiri ankafa ndi mabala owola otulutsa mpweya, odetsedwa ndi dothi la m'minda yothiridwa manyowa. Mu 1916 James McIntosh ndi Paul Fildes a ku London anafalitsa njira yochotsera okosijeni mumtsuko pomuphatikiza ndi haidirojeni. Njira yawo inkafuna haidirojeni wochokera kunja kwa mtsuko. Mu 1966 John Brewer ndi mnzake Allgeier ku America anaipeputsa ndi kapaketi kotulutsa haidirojeni mkati mwa mtsuko momwemo.

Mtsuko wofala ndi wa pulasitiki yolimba yoonekera mkati, wa malita 2.5, ndipo umalowa timbale pafupifupi 12. Chivundikiro chake chili ndi mphira wozungulira komanso chomangira chothinitsa. Kunsi kwa chivundikiro kumapachikidwa kathumba ka waya kokhala ndi timibulu tokutidwa ndi chitsulo cha paladiyamu. Woyeza amalowetsa timbale todzalidwa kale, kenako kapepala kosintha mtundu, kenako amang'amba ngodya ya kapaketi n'kuthiramo madzi okwana mamililita 10, n'kutseka nthawi yomweyo. Madziwo amasungunula mankhwala a mitundu iwiri. Woyamba umatulutsa haidirojeni. Wachiwiri, umene ndi soda wosakaniza ndi asidi wa m'mandimu, umatulutsa kaboni dayokusaidi, amene mabakiteriya ambiri odana ndi okosijeni amamufuna kuti amere bwino.

Haidirojeni ndi okosijeni saphatikizana paokha pakutentha wamba. Paladiyamu ndiye amawakumanitsa popanda moto, ndipo zotsatira zake ndi madzi: 2H₂ + O₂ → 2H₂O. Mumtsuko wa malita 2.5 wopanda kanthu muli okosijeni woposa pang'ono theka la lita, ndiye pamafunika haidirojeni woposa lita imodzi kuti yense athe. Ichi n'chifukwa chake kapaketi kamodzi sikangakwanire mtsuko waukulu. Zinthu zikamayenda bwino, chivundikiro chimafunda ndipo m'kati mwa theka la ola kapena kupitirira pang'ono m'mbali mwa mtsuko mumaoneka timadontho ta madzi. Kapepala ka methilini, kamene kamakhala kabuluu pampweya, kamayera pakapita maola angapo. Mtsukowo umaikidwa m'chofungatira pa madigiri 35 mpaka 37 kwa maola 48 osatsegulidwa, chifukwa mabakiteriya amene angoyamba kumene kuchulukana ndi amene sachedwa kufa ndi mpweya.

Kapepala kakakhalabe kabuluu, ndiye kuti okosijeni adakalimo, ndipo kawirikawiri cholakwa chimakhala pa mphira kapena pa paladiyamu. Mphira wouma, wong'aluka kapena wokhala mopotoka umalowetsa mpweya. Paladiyamu nayenso amafooka ndi chinyontho komanso ndi mpweya wonunkha ngati dzira lovunda umene mabakiteriya omwewo amatulutsa. Amamudzutsa pomuotcha mu uvuni pa madigiri 160 kwa maola awiri, n'kumusunga pouma. Malabotale osamala amaikanso mumtsukomo mabakiteriya awiri odziwika kale ngati mboni: wodana ndi okosijeni amene ayenera kumera, ndi Pseudomonas amene sayenera kumera. Pseudomonas akamera bwino, zotsatira za mtsuko wonsewo sizikhulupiridwa.

Masiku ano kuli timapaketi tina tosafuna madzi kapena paladiyamu. Timakhala ndi asidi wa vitamini C amene amangomwa okosijeni n'kutulutsa kaboni dayokusaidi, ndipo timatsitsa okosijeni kufika pansi pa gawo limodzi pa 100 m'kati mwa theka la ola. Timayamba ntchito tikangovundukulidwa, choncho wochedwa kutseka amataya mphamvu yake pachabe. Komanso mtsuko wa kandulo, umene ambiri amausokoneza ndi uwu, ndi chinthu china. Kandulo yoyatsidwa m'chitini chotseka imazima okosijeni akadali magawo opitirira 15 pa 100. Imangoonjezera kaboni dayokusaidi, koma odana ndi okosijeni sangamere mmenemo.

Tiyeni titsatire mafinya a wodwala amene apendikisi yake inaphulika n'kusiya chithupsa m'mimba. Mafinyawo akununkha kwambiri, chizindikiro chakuti mwina muli odana ndi okosijeni, pakuti posasitsa chakudya amatulutsa maasidi ndi mipweya yonunkha. Dokotala wodziwa amawakoka ndi sirinji, n'kutulutsa mpweya wotsala, n'kuwaika m'kabotolo kotseka bwino ndi kuwatumiza msanga. Kathonje kopukutira sikathandiza kwenikweni, chifukwa kamatenga mafinya ochepa n'kuwayanika pampweya.

Ku labotale amapaka mafinyawo pa timbale tiwiri ta chakudya choundana chosakaniza ndi magazi. Kamodzi kamafungatiridwa pampweya wamba. Kachiwiri amakaikapo kapepala kozungulira kokhala ndi mamaikirogalamu 5 a metironidazo, mankhwala amene ambiri amawadziwa kuti fulajilo, n'kukatsekera mumtsuko. M'mawa mwake kambale ka pampweya kakuonetsa timilu tikulutikulu ta Escherichia coli tokha. Woyeza wosakhala ndi mtsuko angalembe dzina limeneli n'kuganiza kuti wamaliza.

Pakatha maola 48 mtsuko umatsegulidwa. Escherichia coli wamera mmenemonso, mpaka kukhudza kapepala ka mankhwala, chifukwa iye amakhala konsekonse ndipo metironidazo samukhudza. Koma pakati pake pali timilu tina ting'onoting'ono totuwa timene tasiya malo opanda kanthu kuzungulira kapepalako. Kumera mumtsuko pakokha si umboni wokwanira, choncho woyeza amatapa kamulu kamodzi n'kukadzalanso pa timbale tiwiri tatsopano, kena pampweya, kena mumtsuko. Kakamera mumtsuko mokha, ndiye kuti ndi wodanadi ndi okosijeni, ndipo m'chithupsa chochokera m'matumbo nthawi zambiri amakhala Bacteroides fragilis. Awiriwa amathandizana: Escherichia coli amamaliza okosijeni wa m'chithupsamo, mnzakeyo n'kupeza malo.

Yankho limeneli limasintha mankhwala. Jentamaisini amapha Escherichia coli, koma kuti alowe m'selo ya bakiteriya amadalira njira yoyendera okosijeni, choncho kwa Bacteroides sachita kanthu. Metironidazo ndi wosiyana: amasanduka poizoni pokhapokha akalowa m'selo imene ikugwira ntchito popanda okosijeni. Wodwala wathuyu amafunika mankhwala ofikira magulu onse awiri, komanso kuti chithupsacho chiboolidwe mafinya atuluke, chifukwa mankhwala salowa bwino m'malo amene magazi sakufikamo. Madokotala sadikira masiku onsewa kuti ayambe chithandizo. Akaona chithupsa cha m'mimba kapena bala lonunkha amapereka mankhwala a odana ndi okosijeni nthawi yomweyo, ndipo zotsatira za mtsuko zimadzawauza ngati apitirize, asinthe kapena asiye ena mwa mankhwalawo.