Kalata Yopempha Choyezera Mvula: Zimene Alimi Akufuna ku Khonsolo

Chaka chilichonse, mitambo ikayamba kuwunjikana mu Novembala, mlimi wa chimanga amakhala ndi funso limodzi: kodi iyi ndi mvula yodzalira, kapena ndi chizimalupsa chochedwa? Akaphonya, mbewu imamera ndi kupserera, ndipo makilogalamu 10 amene amakwana ekala imodzi apita pachabe. Funso limeneli ndi limene limachititsa wapampando wa kopaletivi ya alimi kutenga cholembera ndi kulembera khonsolo ya boma lake, kupempha zinthu ziwiri: chipangizo choyezera mvula ndi mauthenga ochenjeza nyengo isanavute.

Tiyerekeze kopaletivi ya ku Balaka, kumene ng'amba si mlendo. Pakati pa kalata ya wapampando wake pangakhale mawu otere: "Olemekezeka Bwanamkubwa, tikupempha choyezera mvula chimodzi kuti tichiike pabwalo la nkhokwe yathu. Tasankha mamembala awiri odziwa kulemba amene aziwerenga tsiku lililonse 8 koloko m'mawa, ndipo kaundula wake tizipereka kwa alangizi athu. Tikupemphanso kuti manambala a lamya a atsogoleri athu alowe pamndandanda wa olandira machenjezo, ndipo uthengawo uzibwera m'Chichewa."

Kalata yotere ili ndi mphamvu chifukwa sikungodandaula. Yanena malo, yanena anthu, yanena nthawi, yanenanso kumene manambalawo azipita. Amene akuilandira akuona kuti chipangizocho sichikagona m'kabati.

Choyezera mvula chenicheni ndi chinthu chosavuta. Ndi chitini chokhala ndi fanulo pakamwa, imene imatsogolera madzi m'botolo, ndipo madziwo amathiridwa m'galasi lokhala ndi mizere ya mamilimita. Zina ndi zapulasitiki zoonekera mkati, mizere yake ili pathupi pomwepo. Milimita imodzi ikutanthauza lita imodzi ya madzi pamalo otalika mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Pa ekala yonse, milimita imodziyo ndi malita oposa 4,000. Choncho munthu akanena kuti kwagwa mamilimita 25, akunena za malita oposa 100,000 amene atera pa ekala iliyonse.

Nambala ya 25 imeneyi ndiyo imathandiza pa nkhani yodzala. Akatswiri a zanyengo ndi zaulimi amawerenga kuti mvula yodzalira yayamba pamene mamilimita pafupifupi 25 agwa m'masiku osaposa atatu otsatizana, bola pambuyo pake pasabwere ng'amba ya masiku khumi kapena kuposerapo. Tinene kuti wowerenga uja walemba mamilimita 8 Lolemba, ndipo Lachiwiri ndi Lachitatu sipanagwe kanthu. Fumbi lazima, fungo la dothi lamveka, ena ayamba kale kutola makasu, koma kaundula akunena kuti chinyezicho sichinalowe pansi. Patapita sabata, walemba 12, mawa lake 9, mkuja 6. Zonse pamodzi ndi 27, ndipo mlimi akakumba pamzere apeza kuti dothi lanyowa kupitirira pamene mbewu imagona. Theka loyamba la funso layankhidwa.

Theka lachiwiri chitini sichingaliyankhe. Chimanena za mvula imene yagwa kale, osati imene ikubwera. N'chifukwa chake wapampando wanzeru sapempha chipangizo chokha. Nthambi ya boma yoona za nyengo ndi kusintha kwa nyengo, imene likulu lake lili ku Blantyre, imatulutsa ulosi wa dzinja lonse mvula isanayambe, ulosi wa masiku angapo akubwera, ndiponso machenjezo a mvula yamphamvu ndi namondwe. Ngati pa tsiku limene kaundula wafika pa 27 ulosi ukunena kuti masiku akubwerawa mvula ipitirira, alimi adzale. Ngati ukunena kuti kuuma, angachite bwino kudikira, kapena kudzala chigawo chimodzi cha munda n'kusunga mbewu ina. Nyengo ya 2023 mpaka 2024 inaonetsa kuopsa kwa ng'amba ya pakati pa dzinja: chifukwa cha El Nino, chimanga chinauma m'minda, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lino ali pangozi.

Palinso chenjezo la mtundu wina, lopulumutsa moyo. Madzi osefukira kawirikawiri amachokera kumapiri, kutali ndi mudzi umene amauwononga. Choyezera cha kuchigwa chikhoza kukhala chouma pamene mtsinje ukudzaza. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anapha anthu mazanamazana m'maboma ngati Blantyre, Phalombe, Mulanje ndi Chiradzulu, ambiri ndi matope ndi miyala yotsika m'mapiri. Uthenga wa mtundu umenewu umadutsa ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, n'kufika ku khonsolo ndi kumakomiti a m'madera ndi m'midzi. Choncho kalata iyenera kunena chimene chizichitika uthenga ukafika pa lamya ya wapampando: ndani auze amfumu, ndani aimbe mluzu kapena kuyenda ndi chimkuzamawu, anthu ndi ziweto athawire kumtunda kuti. Uthenga umene wathera m'thumba la munthu mmodzi, kapena wafika pa lamya yopanda moto, sunachenjeze aliyense.

N'chifukwa chiyani kalatayi ikupita ku khonsolo? Chifukwa ofesi ya zaulimi ya boma ndi ofesi yoona za ngozi zonse zili pansi pa Bwanamkubwa, ndipo khonsolo ndi imene imadziwa mabungwe amene akugwira ntchito m'dera lililonse. Koma kalata yongodumphira ku boma imachedwa kuyankhidwa. Njira yabwino ndi kuidutsitsa kwa alangizi a m'dera, amfumu aione, ndipo pempholo likambidwenso ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya dera la mfumu yaikulu kuti lilowe m'mapulani a boma. Ilembedwe chilimwe, cha mu Julayi kapena Ogasiti, kuti chipangizo chikhale chitaikidwa mvula isanayambe. Wapampando asunge kope lodindidwa tsiku limene kalatayo yalandiridwa, kuti pokalondoloza akhale ndi poyambira.

Chipangizo chikabwera, zolakwika zake zimadziwika. Chikaikidwa pafupi ndi mtengo wa mango kapena denga, chimalandira madzi ochepa kapena ochuluka kuposa enieni. Chitalikirane ndi mtengo kapena nyumba ndi mtunda wosachepera kutalika kwa chinthucho kawiri, pakamwa pake pakhale polunjika kumwamba, ndipo chitchingidwe ndi kampanda kafupi kuti mbuzi ndi ana asachisokoneze. Wowerenga akadumphitsa masiku, madzi ena amauma ndi dzuwa, ndipo mvula ya masiku atatu imaoneka ngati ya tsiku limodzi. Tsiku limene sikunagwe mvula alembe 0, asasiye mpata, chifukwa mpata umatanthauza kuti sanawerenge, ndipo ma 0 otsatizanawo ndiwo umboni wa ng'amba. Ngati manambala akhala otsika nthawi zonse poyerekeza ndi a pa ofesi ya alangizi yoyandikana nayo, ayang'ane ngati botolo silikudontha kapena fanulo sinatsekeke ndi masamba.

Kaundula wosungidwa bwino chotere amathandiza mbali zonse ziwiri. Alimi amadziwa nthawi yodzala, komanso nthawi yothira feteleza wobereketsa, amene amafuna dothi lachinyezi. A zanyengo nawo amapeza manambala ochokera kumalo kumene analibe chowapimira, ndipo ulosi wa dera umawongoka pamene malo oyezera achuluka. Khonsolo imene yalandira kalata yotere iiyankhe molemba ndipo mwamsanga, ngakhale yankho litakhala lakuti chipangizocho chifunidwa kwa bungwe lina, chifukwa alimiwo alonjeza kale gawo lovuta kwambiri la ntchitoyi, lomwe ndi kuwerenga m'mawa uliwonse kuyambira Okutobala mpaka Epulo.